Hanimuni ku Mfuwe ndi K10,000

"Ukwati wathu ndi mu Ogasiti kuno ku Chipata. Tatsala ndi K10,000 ya hanimuni. Ine ndikufuna kupumula, abambo akufuna zoona nyama. Tipite kuti?"

Achemwali, pitani ku Mfuwe, ndipo pitani kumeneko kokha. Ena pano akuti muwonjezere ku Senga Bay kudzera pa Mwami, koma ndalama imeneyi mukaigawa pawiri idzathera mumsewu, inu n'kubwerako otopa kuposa mmene munapitira. Kuchoka ku Chipata kufika ku Mfuwe ndi makilomita pafupifupi 130 pa tala, ndiye mukanyamuka m'mawa nkhomaliro mukadyera m'mbali mwa Luangwa.

Chinsinsi chake chagona pa malo ogona. Malodji a m'kati mwa paki ya South Luangwa ndi a anthu olipira madola. Inu funani makampu a tsidya lino la mtsinje, kufupi ndi mlatho wolowera m'paki. Kumeneko kulibe mpanda, nyama sizidziwa malire. Njovu zimadutsa pakati pa matenti, mvuu zimatuluka usiku kudzadya msipu, ndipo zonsezi mumaziona muli pakhonde osalipira za pageti. Poimba foni nenani poyamba kuti ndinu a mu Zambia, mufunse mtengo wa eni dziko, ndipo munenenso kuti ndinu akwati atsopano. Mufunsitse ngati mtengowo ukuphatikiza chakudya ndi maulendo a m'paki, chifukwa ambiri amapunthwa pamenepa. Musaiwale marejisiti anu, popeza pageti nzika imalipira zochepa kwambiri koma afuna umboni.

Ine ndikanagona mausiku atatu, n'kulowa m'paki tsiku limodzi lokha, lapakati. Ndalama ya pageti amawerengera pa tsiku, choncho ulendo wam'mawa ndi wamadzulo mukaupanga tsiku lomwelo mwalipira kamodzi. M'mawa sankhani woyenda pansi. Ogasiti ndi nthawi yake, udzu wauma, dzuwa silinafike pa ukali wa Okutobala. Mumayenda mondondozana pambuyo pa msilikali wa nyama wonyamula mfuti, wolondolera n'kumakuonetsani mapazi a mkango pamchenga ndi ndowe za njovu zikadali zofunda. Ine mtima unkagunda ngati ng'oma, ndinagwira dzanja la amuna anga osalisiya mpaka titabwerera pagalimoto. Ku Luangwa kuno ndi kumene Norman Carr anayambitsira maulendo oyenda pansi oterewa, ndipo olondolera ake amaidziwa ntchito.

Madzulo mumanyamuka cha m'ma 4 koloko pagalimoto yopanda denga. Dzuwa likamalowa amakuimitsani pagombe kuti mumwe kanthu, kenako kukada amayatsa tochi yaikulu kufunafuna nyalugwe. Tengani majuzi, mphepo ya usiku m'galimoto yotsegula imalowa m'mafupa.

Masiku awiri enawo musakonze kalikonse, ndipo apa ndikunenetsa. Ukwati umatopetsa. Mwatha miyezi mukuthamanga ndi za komiti, alangizi, kuphika, alendo ogona pabalaza. Mukufunika tsiku loti mudzuke dzuwa litakwera, mukhale pansi pa mtengo kuyang'ana mtsinje, mucheze awiriwiri popanda wogogoda pachitseko. N'chifukwa chake ndimati musanyamuke m'mawa mwa tsiku lotsatira ukwati. Perekezani kaye abale, munyamuke Lachiwiri.

Pa K10,000 yanuyo, pafupifupi theka lipite ku malo ogona. K2,500 ikhale ya tsiku la m'paki, K1,500 ya mayendedwe ndi zakudya, ndipo K1,000 muipinde padera osaikhudza. Mitengo akakuuzani n'kuona kuti sizikukwana, chotsani usiku umodzi, osati ulendo woyenda pansi. Zakudya mungapulumutsepo zambiri mukapeza kampu yokhala ndi khitchini ya alendo. Gulani mpunga, mazira, soseji ndi madzi kuno ku Chipata, koma chakudya cha usiku umodzi muitanitse cha pakampupo, akuyalireni tebulo la awiri panja ndi kandulo.

Ife tinalakwitsa chimodzi. Tinasiya malalanje ndi buledi m'tenti, pobwera tinapeza anyani ang'amba chikwama, zovala zili mbwee. Chakudya chonse chizikhala kukhitchini, makamaka zipatso, chifukwa njovu nayo imazinunkhiza patali. Kukada musayende nokha kupita kutenti, itanani mlonda akuperekezeni. Zovala zakuda ndi zabuluu zisiyeni kunyumba, zimaitana akashembe, ndipo zoyera za paukwati nazo sizoyenera poyenda pansi m'tchire. Kuchigwa kuli udzudzu, gonani m'neti ndipo mudzole mankhwala dzuwa likamalowa. Mukabwerako wina n'kuyamba kutentha thupi, ngakhale patapita sabata ziwiri, thamangani mukayezetse malungo tsiku lomwelo.

Ogasiti alendo amachuluka ndipo matenti otchipa ndi amene amayamba kutha, choncho imbani sabata ino, mulipireko pang'ono, akutumizireni chitsimikizo cholemba chokhala ndi masiku ndi mtengo wake.