Kwa bwenzi lako lemba tu, kwa mayi ake yamba ndi vous

"Agogo, ndine mtsikana wa ku Monkey Bay, ndimagwira ntchito pa loji ku Chembe ndipo ndili ndi bwenzi la ku France, tikukonzekera chinkhoswe. Ndikufuna ndimulembere iyeyo komanso mayi ake kameseji ka Chifalansa kowauza kuti ndawasowa. Mnzanga wina wandilembera tu me manques, wina akuti ayi ulemu wake ndi vous me manquez. Ine kwathu anandiphunzitsa kuti mwamuna wodzakukwatira sumunena iwe. Nde nditani?"

Mdzukulu wanga, anzako onse awiri alemba Chifalansa cholondola, koma mawu awiriwo apite kwa anthu awiri osiyana. Chimene chakusokoneza ine ndikuchidziwa chifukwa ana amene ndinkawaphunzitsa Chifalansa ku sekondale ankagwera pomwepo, amangoti tu ndi iwe, vous ndi inu, basi nkhani yatha. Pa galamala ndi zoona ndithu, tu ndi wa munthu mmodzi, vous ndi wa anthu ambiri komanso wa ulemu, ngati mmene ife timatengera inu wa anthu ambiri nkumupatsa munthu mmodzi wamkulu. Koma malo amene Afalansa amaika vous wawo si malo amene ife timaika inu wathu.

Taganiza za mayi ako okubereka. Sunawanenepo iwe chibadwire, koma palibe munthu amene uli naye pafupi kuposa iwowo. Ukati amayi ndakusowani, muja muli ulemu ndipo chikondi chilinso momwemo, zonse zakwana mmawu amodzi. Azimayi ambiri kuno amati inu kwa amuna awo mpaka kukalamba, "abambo a Mphatso mwadya?", ndipo palibe amene amaona ngati banja lazizira. Anzathu a Chiyao kuno ku Mangochi amapitiriranso pamenepo, munthu ali naye maso ndi maso koma amamupatsa moni ngati akunena za wina, ajimwiche uli, ifenso timatero tikati "adzuka bwanji agogo?" Nde ife tinakula tikudziwa kuti ulemu ndi chikondi zimayendera limodzi.

Ku France sizili choncho. Mwana amati tu kwa mayi ake, kwa bambo ake, ngakhale kwa agogo ake, mabanja amene ana amati vous kwa makolo alipo koma ndi ochepa kwambiri. Mwamuna ndi mkazi wake amanenana tu. Ngakhale popemphera, ife timati dzina lanu liyeretsedwe, iwo amati que ton nom soit sanctifié, ton ameneyo ndi wa tu, kunena kuti dzina lako. Usadabwe nazo, sikuti alibe mwambo, kwa iwo tu ndi mawu a mnyumba, a anthu amene ndi ako. Vous ndi wa munthu amene pakati panu pali kamtunda, bwana ku ofesi, dokotala, wogulitsa mu shopu, mlendo amene wafika pa loji panu lero.

Nde ukamulembera mnyamata wakoyo vous me manquez, iwe mumtima ukuti ndamupatsa ulemu wa mwamuna wanga, koma iye akawerenga aona kuti wamukankhira kutali. Mwina aganiza kuti ukunena gulu, iye ndi abale ake onse, chifukwa vous ndi wa anthu ambirinso, ndipo zikavuta aganiza kuti wakwiya. Kwa iyeyo lemba tu me manques, je t'aime, je pense à toi, ndipo potsanzika prends soin de toi, ndiko kuti uzidzisamalira. Sunaphwanye mwambo wa kwanu pamenepo, mwambo wa kwanu uli m'Chichewa, ndipo tsiku la chinkhoswe pamaso pa ankhoswe ndi amalume ako udzamunena inu monga anakuphunzitsira.

Samala kamodzi pa tu me manques. Chifalansa chimaika patsogolo munthu amene wasowedwayo, nde tu ali kumayambiriroyo ndi iyeyo. Ukatembenuza nkulemba je te manque, wanena kuti iye ndi amene wakusowa iwe.

Kwa mayi ake ndi kumene ndikufuna ndichedwepo pang'ono, chifukwa ndi kumene ana ambiri amalakwitsa mbali inayo. Akamva kuti tu ndi wa chikondi amaganiza kuti aliyense amene amamukonda amuthire tu. Ayi. Mayi amenewo ndi akulu kwa iwe, sanakubereke, ndipo mwina munangoonanapo pa foni kapena anabwera kamodzi kudzaona nyanja. Yamba ndi vous. Ku France akamwini ndi atengwa ambiri amati vous kwa apongozi awo zaka ndi zaka, ena mpaka imfa, akukondana bwinobwino. Apa ndi pamene vous wawo amayandikirako kwa inu wathu.

Ndipo mwambo wake ndi woti wamkulu ndi amene amatsegula khomo. Tsiku lina mayiwo akhoza kukulembera tu peux me tutoyer, kapena on peut se tutoyer, kumeneko ndi kukuuza kuti tsopano ukhoza kumati tu kwa iwo. Akatero landira, usaumirire vous chifukwa cha manyazi a kwathu, angaone ngati wakana ubale umene akupatsa. Koma chenjera, zimachitika kuti iwo akuyamba kukunena tu osakuuza kuti nawenso utero. Chimenecho si chilolezo. Munthu wamkulu akhoza kunena tu kwa wamng'ono, wamng'onoyo nkumayankha vous, ngati mmene ine ndikukunenera iwe apa iwe nkumandinena inu. Ukaona kuti sukumvetsa pamene zinthu zafika, funsa mwana wawo, iye amawadziwa mayi ake.

Tiye tiulembe limodzi meseji wa mayiwo kuti uone mmene zimakhalira. Tinene kuti mumtima mwako muli mawu awa, amayi ndakusowani, ndimakuganizirani, muzidzisamalira. Poyambira usalembe maman, ife timati amayi kwa mzimayi aliyense wamkulu ngakhale wogulitsa usipa pa msika, koma ku France maman ndi wokubereka yekha, ndipo belle-mère ndi mawu owatchulira ukamauza munthu wina, osati owaitanira. Ngati simunazolowerane yamba ndi Chère Madame, ngati anakuuza kale kuti uziwatchula dzina lemba Chère nkutsatiza dzina lawo loyamba. Ndikudziwa kuti kutchula apongozi dzina kukulemera pakamwa, koma kwawo dzina loyamba ndi vous zimayendera limodzi popanda vuto. Kenako je pense bien à vous, ndiko kuti ndimakuganizirani. Vous me manquez ndi wabwino ngati munakhalapo limodzi masiku angapo, mwina anabwera kuno mukudya chambo pamodzi, koma ngati simunaonanepo maso ndi maso musiye, lemba j'ai hâte de vous rencontrer, kunena kuti ndikulakalaka titakumana. Potsiriza prenez soin de vous. Mukadzazolowerana udzawonjezera je vous embrasse, amenewo ndi mawu otsanzikira a pachibale, palibe chamanyazi mmenemo.

Mawu oti ndimakukondani ndi amene ndikufuna uwasamale. Je vous aime payekha, kwa munthu mmodzi, amamveka olemera ngati a munthu wofunsira wa masiku akale. Ukafuna kuwauza mayiwo kuti umawakonda lemba je vous aime beaucoup. Zimadabwitsa, beaucoup ndi kwambiri, koma m'Chifalansa ukamuwonjezera apa chikondicho chimakhala cha pa ubale kapena pa chinzake, osati cha mwamuna ndi mkazi. Ndi chifukwa chake kwa bwenzi lako usawonjezere kanthu, je t'aime basi. Ukamulembera je t'aime bien wamuuza kuti ndi munthu wabwino amene umagwirizana naye, ndipo mtima umupweteka.

Ukamaliza kulemba, olo wina akulembere, uwerenge wekha usanatumize, sizifuna kudziwa Chifalansa chambiri. Mu meseji wa bwenzi lako mukhale tu, te, t', toi, ton, ta, tes. Mu wa mayi ake mukhale vous, votre, vos, ndipo maverebu ambiri azithera ndi ez, ngati prenez ndi manquez. Chimene chimachitika kawirikawiri ndi kusakaniza, munthu wakopera chiganizo china apa china apo, pamwamba je pense à vous pansi prends soin de toi. Zimamveka ngati munthu akuti amayi ndakusowani, uzidzisamalira, iwe wekha wamva mmene zikugwera mkhutu.

Ndiye palinso mnyamatayo, chifukwa naye adzafuna kukondweretsa anthu a kwanu ndi Chichewa, ndipo ngozi yake ndi yaikulu kuposa yako. Iye anazolowera kuti munthu amene wamukonda amamunena tu, nde akadzawakonda mayi ako adzafuna kuwayandikira ndi iwe, "ndakusowa", "uli bwanji". Chizungu chimene mumayankhulana awirinu sichingamuchenjeze chifukwa chili ndi you mmodzi yekha wa aliyense. Iwe ukalakwitsa ku France adzangomwetulira nkunena kuti akuphunzira, koma mkamwini kunena apongozi iwe, ngakhale anthu amukhululukire kuti ndi mlendo, mayi ako adzachita manyazi pamaso pa anzawo. Umuphunzitse msanga kuti kuno palibe tsiku limene apongozi adzamuuze kuti tsopano uzindinena iwe, inu ameneyo ndi wa moyo wonse.

Muonetse ka ni ka kumapeto, ndakusowa ndi ndakusowani, ndimakukonda ndi ndimakukondani, ndi u amene amasanduka mu, uli bwanji ndi muli bwanji, wadzuka ndi mwadzuka, dzina lako ndi dzina lanu. Ndipo ine ndingakonde asathamangire kuwauza mayi ako ndimakukondani, galamala yake ndi yolondola koma si mawu amene mkamwini amanena kwa apongozi kuno. Alembe kuti amayi muli bwanji, zikomo kwambiri pondilandira pakhomo panu, ndimakuganizirani nonse. Mayi ako chikondi adzachimva mmenemo.

Kwa iweyo akhoza kunena ndimakukonda, ndakusowa, mukakhala awiri kapena pa foni, achinyamata ambiri amatero masiku ano ndipo ine sindiona cholakwa. Umuuze chabe kuti asazolowere kukuitana "iwe" payekha chokweza mawu, kwathu kuno kumeneko ndi kuitana kwa mwana kapena kwa munthu amene wakwiya, akuitane dzina. Ndipo ngati iweyo mumtima mwako umafuna kuti m'banja mwanu muzidzanenana inu mukamayankhula Chichewa, monga amachitira makolo ako, mufotokozere bwino kuti inu ameneyo si vous wa kwawo, chifukwa akapanda kumva zimenezo adzadandaula chamumtima kuti mkazi wake akumuyankhula ngati mlendo wa pa loji. Nkhani imeneyi mukambirane chinkhoswe chisanafike, kuti patsikulo akadzamva ukumunena inu pamaso pa amalume ako, nayenso adzayankhe ndi inu.