Pa chimene ogulitsa aulula, waranti siikutetezaninso

"Abale, ndikugula masheya onse a kampani ina ya malole ku Blantyre, mtengo K400 miliyoni. Loya wa ogulitsa watumiza mgwirizano wodzaza ndi mawaranti, ndipo kumapeto kuli ndandanda wa zinthu zimene akuulula. Poti mawarantiwo akunditeteza kale, ndandandawo ndivutike nawo?"

Achimwene, yambirani kumapeto komweko, chifukwa ndalama zanu zingathawire pamenepo. Mukagula masheya, kampani imakhala yomwe ija, zasintha ndi eni okha. Ngongole zake, milandu ya antchito ku khoti la Industrial Relations, msonkho wa MRA womwe sunalipidwe, zonse zimatsala m'kampanimo, ndipo kampaniyo tsopano ndi yanu.

Waranti ndi mawu a ogulitsa otsimikiza kuti chakutichakuti ndi choona. Likapezeka bodza, mumawasumira. Koma ndandanda wa zoulula umagwira ntchito yotsutsana nayo: chilichonse chimene alembamo chimachotsedwa pa waranti, ndipo mawa simungadandaule nacho chifukwa anakuuzani. Choncho ikani mapepala awiriwa pambali pa linzake, waranti iliyonse muiwerenge pamodzi ndi zimene aulula pansi pa nambala yake.

Tiyerekeze chonchi. Waranti ikuti ndalama zonse za penshoni zinaperekedwa pa nthawi yake. Mu ndandanda mwalembedwa kamzere kamodzi: "nthawi zina ndalama za penshoni zinkachedwa kutumizidwa." Kamzereka kakuoneka kosalakwa, koma funsani kuti kuchedwako ndi miyezi ingati. Lamulo la penshoni limafuna kuti bwana aziika 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti. Ngati malipiro a madalaivala ndi amakanika onse ndi K12 miliyoni pamwezi, ndiye kuti K1.8 miliyoni imayenera kupita mwezi uliwonse. Akakhala kuti sanatumize miyezi 18, ngongole ndi K32.4 miliyoni, chilango tisanawerengere. Mukasaina osafunsa, ogulitsa adzangoloza kamzere kaja, ndalamayo mudzalipira ndinu. Itanitsani sitetimenti yochokera kukampani yosunga penshoniyo, osati tebulo lolembedwa ndi akauntanti wawo, muiyerekeze ndi mapepala a malipiro mwezi ndi mwezi.

Vuto likadziwika chotere, waranti yatha ntchito. Tsitsani mtengo ndi K32.4 miliyoni, kapena alipire ngongoleyo musanamalize kugula ndipo akuonetseni risiti. Ngati kuchuluka kwake sikunadziwike bwino, pemphani indemuniti, lonjezo lapadera loti ndalama iliyonse imene kampani idzalipire pa nkhani ya penshoniyi adzakubwezerani kwacha pa kwacha. Pa waranti mumayenera kutsimikizira khoti kuti mtengo wa masheya anu watsika ndi zingati, zomwe ndi ntchito yaikulu; pa indemuniti mumangoonetsa zimene zalipidwa. Ine ndimalimbikiranso kuti gawo la mtengo, tinene K50 miliyoni, likhale kaye mu akaunti ya maloya mpaka nkhaniyo itatha, pakuti kuthamangitsa munthu amene ndalama anadya kale n'kowawa.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ndime imene imati mapepala onse omwe munapatsidwa pofufuza kampani atengedwa ngati aululidwa. Kalata ya MRA yofuna msonkho ikhoza kukhala itabisala pakati pa mafayilo mazanamazana, inu simunaione, koma mgwirizano ukuti munauzidwa. Ikaneni ndimeyi. Akaumirira, mulembetse kuti choululidwa chiyenera kufotokozedwa mokwanira kuti wogula adziwe mtundu wa vuto ndi kukula kwake, ndipo mayina a mafayilo onse amatidwe ku mgwirizano, asadzawonjezere ena usiku woti mawa mukusaina.

Samalaninso ndi mawu oti "malinga ndi zimene ogulitsa akudziwa" mu waranti, chifukwa vuto likapezeka adzangoti sankadziwa. Pa umwini wa masheya, pa msonkho, ndi pa nkhani yoti malole sanaikidwe chikole kubanki, mawuwa achoke. Kwina angakhale, bola mgwirizano utchule mayina a anthu amene akunenedwa kuti akudziwawo ndipo unene kuti anafunsa kaye kwa oyang'anira ndalama ndi galaja.

Kenako onani malire. Mwina alemba kuti dandaulo losafika K2 miliyoni siliwerengedwa, ndipo simungasume mpaka madandaulo onse atapitirira K20 miliyoni. Funsani ngati akapitirira mudzalandira yonse kapena yapamwamba yokha: pa K25 miliyoni, kusiyana kwake ndi kulandira K25 miliyoni kapena K5 miliyoni. Indemuniti ija isamangidwe ndi malire amenewa. Nthawi yodandaulira isachepere miyezi 18, kuti maodita anu aone mabuku a chaka chathunthu. Ya msonkho ikhale yaitali, ambiri amagwirizana zaka 6. Ndipo muuze loya wanu achotse ndime yoti simungasume pa chilichonse chimene inu kapena alangizi anu munkachidziwa, kapena aichepetse ikhale ya zimene inuyo panokha munauzidwa polemba.