Dzanja limatsata amene analigwira

"Agogo, mnzanga wa ku Mangochi amaphunzira Chiarabu kumadrasa, ndipo amayamba kulemba kumanja n'kumalowera kumanzere. Kodi kulemba kunayamba bwanji, nanga n'chifukwa chiyani iwo amalemba chobwerera?"

Mdzukulu wanga, mawu akuti chobwerera uwasiye, chifukwa mnzakoyo akamakuona iwe ukulemba amaonanso ngati wayambira kumchira. Chimene ndikadakonda kuti undifunse n'chakuti, kodi ndani anagwira dzanja lako tsiku limene unalemba lembo loyamba, ndipo iyeyo dzanja lake analigwira ndani? Ukautsata mzere umenewo mpaka kumene unayambira, nkhani ya kumanja ndi kumanzere imamasuka yokha.

Ife tinayambira pamchenga, pansi pa mtengo wa mango, sileti isanatifike. Aphunzitsi ankagwada pambali pako, n'kukugwira chala, n'kumachiyendetsa pansi mpaka chizolowere njira ya a ndi e. Palibe amene anatiuza chifukwa choyambira kumanzere, ndipo sitinafunse, pakuti chala chinkangopita kumene achipititsa. Umu ndi mmene zakhalira kwa mlembi aliyense kuyambira kalekale.

Zolemba zakale kwambiri zimene zinafukulidwa n'za mumzinda wa Uruki, m'dziko limene lero ndi Iraki, ndipo n'za zaka za m'ma 3200 Khristu asanabadwe. Anthu aja sanayambe ndi nthano kapena mapemphero, koma ndi kaundula wa chuma: nkhosa zingati, balere wochuluka bwanji, mowa wapita kwa yani. Ankajambula chinthucho pa dongo losauma, ndipo patapita nthawi anayamba kungodinda ndi nsonga ya bango. Aigupto anayamba zolemba zawo pafupifupi nthawi yomweyo, ndipo Atchaina ndi Amaya a ku Amerika anatulukira zawo paokha pambuyo pake. Zolemba zoterezi zinali ndi zizindikiro mazanamazana, choncho ulembi unali ntchito ya anthu ochepa amene ankaphunzira zaka zambiri.

Malembo athuwa anachokera kwa anthu olankhula chinenero chapachibale ndi Chihebri, amene ankagwira ntchito pakati pa Aigupto, ena m'migodi ya ku Sinai, zaka za m'ma 1800 Khristu asanabadwe. Iwo anaona zithunzi za Aigupto n'kuchita nazo mwanzeru yawoyawo: chithunzi chilichonse chiziimira liwu loyamba lokha la dzina la chinthucho. Nyumba ankaitchula beti, ndiye chithunzi cha nyumba chinaimira b, ndipo ndi beti yemweyo amene umamumva mu Betelehemu, nyumba ya mkate. Madzi anali memu, ndipo mafunde ake udakawaonabe mu M. Ng'ombe inali alefu, ndipo ankajambula mutu wake ndi nyanga ziwiri. Lemba A wamkulu papepala, ulizondotse pepalalo, uona mphuno pansi ndi nyanga m'mwamba. Ndinali kale bambo wa ana pamene ndinaonetsedwa zimenezi, ndipo ndinakhala nthawi yaitali ndikuliyang'ana lembo limene ndinkalilemba tsiku ndi tsiku osadziwa kuti ndi ng'ombe.

Alembi oyambirirawo analibe njira imodzi: wina ankatsitsa malembo kuchokera pamwamba, wina ankayamba kumanja, wina kumanzere. Amene anakhazikitsa njira ndi Afoinike, amalonda a m'madoko a Turo, Sidoni ndi Gebala, amene pofika m'ma 1000 Khristu asanabadwe anali ndi malembo 22, onse opanda liwu, olembedwa kuchokera kumanja. Kwa iwo kunachokera malembo a Chiaramu, ndipo a Chiaramuwo ndiwo anabala malembo a Chihebri a lero ndi a Chiarabu, omalizawa kudzera mwa Anabateya a mumzinda wa Petra, m'dziko limene lero ndi Yordano. M'banja limeneli mphunzitsi aliyense anayendetsa dzanja la mwana monga analiyendetsera lake, mpaka kufika kwa shehe amene akuphunzitsa mnzakoyo.

Udzamva ena akunena kuti chinayambitsa n'kusema pamwala, ati munthu akagwira nyundo kumanja ndi chosemera kumanzere zimamuphwekera kulowera kumanzere. Ine kufotokoza kumeneku sikundikhutiritsa. Alembi a ku Igupto ankalemba ndi inki pa gumbwa, popanda nyundo, koma zolemba zawo za tsiku ndi tsiku zinkayamba kumanja nthawi zonse, pamene Aroma anasema miyala yosawerengeka kuyambira kumanzere. Chooneka bwino n'chakuti Afoinike ankachita malonda ndi Aigupto kwa zaka mazana ambiri ndipo ankaona alembi awo akugwira ntchito, choncho n'zomveka kuganiza kuti anatengera kwa iwo.

Nanga ife tinapatukira pati? Agiriki anatenga malembo a Afoinike zaka za m'ma 800 Khristu asanabadwe, ndipo malembo ena amene analibe nawo ntchito, monga alefu uja, anawasandutsa malembo a liwu. Poyamba ambiri ankalemba kuchokera kumanja monga aphunzitsi awo, komanso anali ndi kalembedwe kamene anakatcha dzina lotanthauza kutembenuka kwa ng'ombe yolima. Mzere woyamba unkachoka kumanja kupita kumanzere, wachiwiri n'kubwerera, monga ng'ombe za pulawo zikafika kumalire a munda. Malamulo a mzinda wa Gotina pachilumba cha Krete, amene anasemedwa pakhoma cha m'ma 450 Khristu asanabadwe, analembedwa motero ndipo alipobe. Wowerenga ankadziwa kolowera poona kumene malembo ayang'ana: mzere ukamapita kumanzere, manja atatu a E ankaloza kumanzere, ukamabwerera nawonso ankatembenuka. Pamapeto pake Agiriki anakhazikika pa mzere wopita kumanja, malembo n'kuumira chomwecho, ndipo kudzera mwa Aetrusika ndi Aroma a ku Italiya anafika kwa amishoni amene anabwera nawo kuno. E wakoyo, ndi B ndi K, akuyang'ana kumene ankayang'ana pamzere wobwerera uja.

Ngakhale m'masiku athu anthu akhala akusankha. Solomana Kante wa ku Gine, popanga malembo a Nko olembera chinenero cha kwawo mu 1949, anawayambitsa kumanja monga Chiarabu chimene ankachidziwa, pamene a Nolence Mwangwego, popanga malembo a zinenero za ku Malawi kuno, anawayambitsa kumanzere. Aliyense anatsata njira imene dzanja lake linaleredwa nayo.

Chimene chimandimvetsa chisoni ndicho kuona kuti inu ana a lero dzanja silikuleredwanso. Sindikudana ndi foni, imatithandiza, koma chala chogogoda pagalasi sichidziwa kumene lembo limayambira ndi kumene limathera, ndipo mauthenga anu onse amafanana nkhope. Kale kalata ikachokera ku Joni kapena ku Halale, mayi ankazindikira dzanja la mwana wawo pa envulopu asanaitsegule, ngakhale iwo eni sankatha kuwerenga. Makalata a malemu agogo ako aakazi ndimawasunga m'sutikesi, ndipo ndikaona mmene ankakokera mchira wa g ndimakumbukira sisitere amene anawaphunzitsa, pakuti atsikana onse a kalasi imeneyo ankalemba g wofanana.

Patchuthi ukabwere naye mnzakoyo, mutenge kope ndi pensulo. Ndikufuna akugwire dzanja akulembetse alifu ndi baa kuchokera kumanja, iwenso ulembe A ndi B pambali pake, ndipo ine ndidzakutulutsirani makalata aja kuti muwaone.