Mutu wa imelo uzinena chochita ndi tsiku lake

"Ndine mlembi wa gulu la alimi kuno ku Ulongwe, m'boma la Angoniya. Ndinalembera imelo mkulu amene amavomereza ndalama zathu, yemwe amakhala mumzinda wa Tete, kuti asaine kalata yolipirira lole yonyamula feteleza. Pamutu ndinangolemba kuti 'Pempho'. Anaitsegula patatha sabata, lole itapita kale kwina. Ulendo wina ndinalemba kuti 'Mwachangu chonde', koma anzanga akuti ndi mwano kulembera wamkulu choncho. Ndizilemba bwanji m'Chichewa chabwino?"

Bambo mlembi, tiyambe ndi kuganizira zimene mkuluyo amaona akatenga foni m'mawa. Amaona mndandanda wa maimelo, ndipo pa iliyonse pamaoneka dzina la wotumiza, mzere umodzi wa mutu, mwina ndi timawu tochepa ta mkati. Mzere umenewu ndi umene mumalemba m'kabokosi kolembedwa Assunto, kapena Subject ngati foni yanu ili m'Chingerezi. Munthu wa mu ofesi amasankha yoyamba kutsegula poyang'ana mzerewo basi. Tsono munthu amene ntchito yake ndi kuvomereza ndalama, pafupifupi aliyense womulembera amakhala akupempha kanthu. Mawu oti "Pempho" sanamuuze chilichonse chimene sankachidziwa kale.

Anzanuwo akunena zoona pang'ono, koma vuto lalikulu la "Mwachangu chonde" si mwano. Mawu oti mwachangu, msanga, pompano, amasonyeza mmene mtima wa wolemba ukugundira, koma sanena tsiku. Kwa inu amene mukuona mitambo ya Novembala ikusonkhana ndipo alimi akufunsa za feteleza wobzalira, mwachangu ndi lero. Kwa munthu amene ali ndi misonkhano mumzinda, mwachangu akhoza kukhala sabata yamawa, ndipo sanalakwe pomva choncho. Komanso mukazolowera kulemba mawuwa pa imelo iliyonse, amasukuluka, wolandira n'kusiya kuwaona. Changu chenicheni chimanenedwa ndi tsiku.

Tiyeni tiumange mutu wanuwo pang'onopang'ono. Choyamba dzifunseni kuti: akatha kuwerenga, achite chiyani? Yankho lake ndi mneni, ndipo kwa inu mneniyo ndi kusaina. Kenako, asaine chiyani? Kalata ya lole. Ndikuti "ya lole" osati "ya malipiro", chifukwa makalata a malipiro pa desiki pake ndi ambiri, koma a lole ndi ochepa. Chomaliza, pofika liti? Tinene kuti lole iyenera kunyamuka Lachisanu pa 15 Novembala, ndiye kuti siginecha ikufunika dzulo lake. Mutu ukhala wotere: "Kusaina kalata ya lole pofika Lachinayi pa 14 Novembala".

Apa mpofunika kukhalitsapo, chifukwa mpamene ulemu ndi kumveka bwino zimakokanakokana. Chichewa chili ndi njira zingapo zouzira munthu chochita. "Sainani" ndi lamulo. Ngakhale lili ndi -ni waulemu, kulilembera munthu amene amakuyang'anirani pa ntchito, popanda moni kutsogolo, kumamveka ngati mukumutuma. "Musaine" ndi lofewerapo, ndipo pakamwa ndi limene ambiri tingasankhe, koma polemba lili ndi msampha. Mawu oletsa m'Chichewa amayamba ndi musa-, monga musapite, musatumize, musalipire. Munthu amene akungoponya maso pa foni akhoza kuona "musa" n'kuganiza kuti mukumuletsa, pamene loletsa lenileni ndi "musasaine". Polankhula mawuwa sasokoneza, koma pa mzere wowerengedwa mothamanga, pa nkhani ya ndalama, ine sindingaike mawu amene kusiyana kwa inde ndi ayi kwagona pa zilembo ziwiri. N'chifukwa chake ndasankha "kusaina". Mneni woyamba ndi ku- amatchula ntchito popanda kuloza munthu chala. Salamula aliyense, ndipo wamkulu aliyense amaulandira bwino. Mukafuna kufewetsa kwambiri, lembani "Pempho la siginecha", ndipo apo mawu anu aja oti pempho agwira ntchito chifukwa atsagana ndi chinthu chopemphedwacho.

Moni, "Bwana", "ndi ulemu waukulu", zonsezi zili ndi malo ake, ndipo malowo ndi mzere woyamba wa mkati mwa imelo. Musazichotse, Mchewa salowa pakhomo osaodira. Koma musaziike pamutu.

Samalaninso ndi mawu amene mwaika kutsogolo kwa tsikulo. "Pofika Lachinayi" akutanthauza kuti Lachinayilo ndi tsiku lomaliza, ndipo akasaina tsiku limenelo kapena m'mbuyo mwake zili bwino. "Lachinayi lisanafike" akutanthauza kuti Lachitatu ndiye tsiku lomaliza. "Lachinayi" lokha limamveka ngati mukufuna asaine tsiku lomwelo, osati lina. Anthu ambiri amasakaniza atatuwa, kenako n'kumakangana kuti wachedwa ndani. Ngati mwini lole akufuna ndalama m'manja Lachinayi m'mawa, ndiye kuti inu mukufunika "lisanafike", kapena mungotchula Lachitatu pa 13 kuti pasakhale chokayikitsa. Mawu oti mawa, mkuja ndi sabata ino musawalembe pamutu ngakhale pang'ono. Amadalira tsiku limene munthu akuwerenga, ndipo imelo yolembedwa Lolemba ikatsegulidwa Lachitatu, "mawa" wake wasanduka tsiku lina.

Pali vuto linanso limene ife olemba Chichewa timakumana nalo. Mawu athu ndi aatali, chifukwa mneni mmodzi amanyamula mwini ntchito, nthawi ndi wochitiridwa. Foni imadula mutu ukatalika, nthawi zambiri pakangodutsa mawu anayi kapena asanu, n'kuika timadontho. Mukayamba ndi "Ndikukupemphani kuti mundithandize", malo onse atha musanatchule lole kapena tsiku. Ngakhale mutu umene tapanga uja ungadukire pakati pa "Lachinayi". Njira yake ndi kutsogoza chimene simukufuna kuti chiduke. Pa nkhani yanuyi ine ndingatsogoze tsiku: "Pofika Lachinayi 14: kusaina kalata ya lole". Ngakhale utaduka kumapeto, tsiku ndi ntchito zaoneka. Kuti mutsimikize, dzitumizireni nokha imeloyo kaye, muone pa foni yanu pamene mutuwo wadukira.

Mwina mungafune kuikaponso kuchuluka kwa ndalama, mwachitsanzo mametikali 18,000. Ngati wolandirayo ndi mmodzi ndipo ndalamazo ndizo zimuthandize kudziwa kulemera kwa nkhani, ikani kumapeto. Koma kumbukirani kuti mutu umaoneka pa foni ngakhale kwa munthu wokhala pafupi mu minibasi, choncho nambala ya akaunti kapena dzina la mlimi amene ali ndi ngongole zikhale mkati.

Imelo imene sikufuna kuti achitepo kanthu inenenso choncho pamutu: "Chidziwitso: feteleza wafika ku Ulongwe". Mukamatero, mkuluyo amazolowera kuti imelo yanu yokhala ndi tsiku ndi yofunadi dzanja lake, ndipo amaitsegula msanga osauzidwa.

Tsiku likayandikira asanayankhe, musalembe imelo yatsopano ya mutu woti "Chikumbutso", chifukwa mwabwereranso pa vuto lomwe lija. Lembani kuti "Chikumbutso: kalata ya lole, lomaliza Lachinayi 14". Ndipo nkhani ikasintha, tinene kuti lole yalipiridwa ndipo tsopano mukufunsa za malo osungira matumba, musapitirize kuyankha pansi pa mutu wakale wokhala ndi Re: kutsogolo. Iye akaona mutu wa lole aganiza kuti ndi nkhani imene anamaliza kale. Yambani imelo ina, ndi mutu wake, ndi tsiku lake.