L² ija inandichititsa manyazi

"Anzanga, samu ikatalika mayunitsi amandisokoneza. Ndingadziwe bwanji kuti fomyula ndailemba bwino ndisanapereke ntchito?"

Eee achimwene, mwanditokosola pachilonda. Ine zinandionekera chaka chachiwiri, pa ntchito ya awiriawiri. Tinkawerengera mmene chitsulo chomangidwa mbali imodzi chimapindikira mukachisenzetsa katundu kunsonga, fomyula yake δ = FL³/(3EI). Mnzanga uja, wodzitcha katswiri, anakopera L² m'malo mwa L³, ine n'kungolandira osayang'ana.

δ ndiye kupindikako. F, kulemera kwa katundu, inali 500 N; L, kutalika kwa chitsulo, inali 2 m; E, kuuma kwa chitsulo, inali 200 GPa; I, yomwe imatengera kaumbidwe ka chitsulocho, inali 800 cm⁴. Tinapeza 0.42 mm, pomwe yankho loona ndi 0.83 mm. Mwaona kuipa kwake? Poti L inali 2, tinangophonya ndi theka, nambala n'kumaoneka yabwinobwino.

Tsiku lofotokoza ndinaima kutsogolo ndine. Aphunzitsi kakyuleta sanaikhudze n'komwe. Anangotenga choko n'kulemba mayunitsi okhaokha: pamwamba N·m², pansi (N/m²)·m⁴, yomwe ndi N·m² yomweyo. Anafafaniza pamwamba, n'kufafaniza pansi, osatsala kanthu. Kenako anandicheukira: "Nanga mamilimita anuwa mwawatola kuti?" Kalasi yonse inafa nalo phwete, ine thukuta kamukamu, pepala likunjenjemera m'manja. Kupindika ndi mtunda, ndiye pamayenera kutsala mita imodzi, ndipo imatsala pokhapokha pamwamba pakhale m³. Mwini kulakwitsa anali zyoli pafoni, ndipo titatuluka akuti "ndimayesa uonanso." Kupepesa ayi, mpaka lero!

Ndiye inu musanaike nambala iliyonse, lembani fomyula ndi mayunitsi okha muone ngati mbali ziwirizo zikufanana. Zimene mukuphatikiza nazonso zikhale za mtundu umodzi, mita siphatikizidwa ndi m². Mukatero sinthani zonse zikhale mita, kilogalamu ndi sekondi, ndipo yunitsi iziyenda ndi nambala yake mzere uliwonse. Chenjerani ndi cm⁴ ija. Kugawa ndi 100 kumakupatsani 8 m⁴, chonsecho 100 uja amafunika kanayi: 800 cm⁴ ndi 0.000008 m⁴. Mukapsa pamenepo yankho limachepa kamiliyoni.

Komatu njirayi musaikhulupirire kwambiri, manambala opanda yunitsi siiwaona. Chitsulo chogona pa mizati iwiri, katundu ali pakati, fomyula yake ndi FL³/(48EI). Mutalemba 48 pofunika 3, mayunitsi avomera bwinobwino pomwe yankho lachepa ka 16. Pamenepo n'kubwerera ku buku basi. Ndipo za mnzanu musamangolandira ngati ine, werengerani nokha kuyambira mzere woyamba. Kungoti mukamaliza mupatseko wina aone, chifukwa L² wanu yemwe mutha kumudutsa katatu osamuona.