Maoda akaunjikana, nditumize pamodzi kapena imodziimodzi?

"Ndimagulitsa zitenje pa WhatsApp kuno ku Lilongwe, makasitomala ambiri ali ku Mzuzu ndi ku Blantyre. Kodi oda ikabwera ndizitumiza pompopompo, kapena ndizidikira achuluke kaye? Sabata yatha ndinasinthanitsa katundu wa anthu awiri." Mayi wa ku Area 25

Mayi, ulendo wa ku depoti muziuphatikiza, koma kumanga katundu ayi.

Tiyerekeze kuti muli ndi maoda 12 pa sabata, ndipo minibasi kupita ndi kubwera ndi K2,000. Mukamathamangira oda iliyonse payokha, K24,000 yathera mumsewu, osawerengera nthawi imene mukanakhala mukugulitsa. Mukamatumiza Lachiwiri ndi Lachisanu basi, ndi K4,000. Amene amalipira mtengo wake ndi kasitomala woitanitsa Lachisanu madzulo, chifukwa adikira mpaka Lachiwiri. Anthu ambiri sadandaula kudikira ngati munawauziratu, choncho lembani pa sitetasi kuti maoda amatsekedwa 10 koloko m'mawa pa masiku awiriwo. Wofuna chitenje cha chinkhoswe cha mawa alipire yekha ulendo wapadera.

Kutsimikiza malipiro nakonso kumayenda bwino pamodzi. Khalani pansi ndi kope, muyerekeze nambala ya tiranzakishoni iliyonse ndi mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba amene alowa m'foni yanu, osadalira chithunzi chimene kasitomala watumiza.

Pomanga ndi pamene pali msampha. Ambiri amayala majumbo 12 pamphasa, kuika zitenje monsemo, kumata onse, kenako n'kuyamba kulemba mayina. Zimaoneka zachangu, koma jumbo ikamatidwa imafanana ndi inzake, ndipo dzina limodzi likasokonekera olakwiridwa amakhala awiri. Ngati kutumiza phukusi ndi K3,000, kubweza awiriwo ndi kuwatumizanso ndi K12,000, ndiye kuti zambiri mwa zimene munapulumutsa pa minibasi zapita. Mukapanda mwayi, wina amangoti chimene walandira chamusangalatsa, sabweza.

Tengani oda imodzi. Werengani uthenga wa mwiniwake, lembani dzina, nambala ya foni ndi kumene ikupita pa jumbo isanalowe kanthu, ikani chitenje, jambulani mumutumizire aone, kenako matani ndi kuchonga m'kope. Mukatero ndiye mugwire ina. Zimawonjezera mphindi ziwiri kapena zitatu pa phukusi, komanso cholakwa chimagwidwa pa oda yoyamba. Koma mwachitsanzo mukalemba mtengo wakale pamaoda onse nthawi imodzi, mumadzazindikira onse 12 atapita kale.

Musananyamuke werengani zinthu zitatu: mayina ochongedwa m'kope, maphukusi omata, ndi zitenje zotsala pashelefu. Chitenje chikatsala chopanda mwini, kapena manambala akasiyana, masulani muone muli pakhomo pomwepo. A ku Mzuzu akhale m'chikwama chawo, a ku Blantyre m'chawo.