Kuitana anthu ku intavyu: nthawi, kachitidwe ndi zoti abweretse

"Zikomo, ndangoyamba ntchito mu ofesi yoona za ogwira ntchito. Abwana andiuza kuti ndiitane anthu asanu ndi mmodzi ku intavyu ya ntchito ya wothandizira akauntanti, sabata yamawa. Akufuna aliyense asankhe yekha nthawi. Ndilembe chiyani mu imeloyo kuti pasakhale chisokonezo? Ndine Mayi wina amene ndimawerenga zolemba zanu."

Mayi, uthenga woterewu uli ndi muyeso umodzi: munthu akauwerenga, ayankhe kamodzi kokha ndipo nkhani ithe. Akayamba kufunsa kuti "ndibwere kuti?" kapena "masatifiketi ndibweretse enieni?", ndiye kuti uthengawo unali ndi mabowo. Ndipo mabowo ambiri amayambira pa zimene simunachite musanalembe.

Choyamba, musalonjeze nthawi imene ofunsa mafunso sanavomere. Funsani aliyense wa iwo masiku ndi maola amene ali ndi mpata, tengani okhawo amene onse akugwirizana, muwatseke pa kalendala yawo, ndipo musungitsenso chipinda. Tiyerekeze kuti ofunsa ndi atatu, ndipo onse akupezeka Lachiwiri m'mawa kuyambira 8:30 mpaka 12:30, komanso Lachitatu masana kuyambira 1:00 mpaka 5:00. Ngati kukambirana ndi munthu mmodzi kumatenga mphindi 45, mpatseni ola lathunthu. Mphindi 15 zotsalazo si zongotaya: ndi zoti ofunsa alembe malikisi asanaiwale, amweko madzi, ndiponso kuti amene wachedwetsa pang'ono asakankhe anzake onse. Mukapanikiza anthu mphindi 45 zilizonse popanda mpata, woyamba akangopitirira ndi mphindi khumi ndipo otsatira n'kuchitanso chimodzimodzi, wachinayi adzadikira theka la ola pabenchi. Ndi ola limodzi pa munthu, muli ndi mipata isanu ndi itatu ya anthu asanu ndi mmodzi. Iwiri yotsalayo muisunge, idzakuthandizani wina akadzadwala kapena akadzalephera kupempha tchuthi kuntchito kwake.

Tsopano pa kusankha nthawi, pamene ambiri amaphonya. Mukauza munthu kuti "tiuzeni nthawi imene mungathe", adzatchula tsiku limene ofunsa palibe. Mukatumizira aliyense mipata yonse isanu ndi itatu, ambiri adzathamangira womwewo. Ife timati mupatse munthu aliyense mipata itatu, yogawidwa pa masiku onse awiri, wina wa m'mawa ndi wina wa masana. Koma werengerani bwino: anthu 6 kuchulukitsa ndi mipata 3 ndi 18, pamene mipata ilipo 8 yokha. Zikutanthauza kuti mpata uliwonse mwaupereka kwa anthu awiri kapena atatu, choncho kuwombana kudzakhalapo ndithu. Mankhwala ake ndi osavuta. Musamuuze kuti asankhe umodzi. Muuzeni kuti ayike itatuyo m'ndondomeko, woyamba kuukonda, wachiwiri ndi wachitatu, ndipo atchule ngati pali umene sangathe n'komwe. Munene poyera kuti nthawiyo idzakhala yake mukadzamutumizira uthenga wotsimikiza. Mukatero, anthu awiri akafuna Lachiwiri 9:30, amene wayankha msanga mumpatsa, winayo mumpatsa chisankho chake chachiwiri popanda kubwereranso kukafunsa.

Khalani ndi pepala limodzi, kapena tsamba limodzi pa kompyuta, lolembapo mipata yonse, amene mwawapatsa mpata uliwonse ndi amene wautenga. Lembani nthawi yomweyo yankho likangofika. Kudalira mutu ndiko kumabweretsa anthu awiri pakhomo limodzi pa ola limodzi.

Nthawi iliyonse ilembedwe ndi dzina la tsiku, deti, mwezi m'mawu, ola loyambira ndi lomalizira. "Lachiwiri likubwerali" ndi mawu osokoneza kwa munthu amene watsegula imelo patapita masiku atatu. Deti lolembedwa 10/11 ena amaliwerenga kuti 10 Novembala, ena 11 Okutobala. Musanatumize, yang'anani pa kalendala kuti dzina la tsiku likugwirizana ndi deti. Kulemba "Lachiwiri pa 15" pamene 15 ndi Lachitatu ndi cholakwa chofala, makamaka mukakopera uthenga wakale. Perekaninso tsiku ndi ola lomaliza kuyankha, masiku awiri a ntchito ndi okwanira, ndipo uthengawo utuluke kukadali pafupifupi sabata yathunthu, chifukwa amene ali pa ntchito kwina ayenera kupempha chilolezo.

Nachi chitsanzo chimene mungasinthe malinga ndi ofesi yanu. Pamutu pa imelo lembani: Kuitanidwa ku intavyu, ntchito ya wothandizira akauntanti, yankhani pofika Lachinayi pa 9 Okutobala.

"Okondedwa Bambo (dzina lawo),

Zikomo pofunsira ntchito ya wothandizira akauntanti. Tikukuitanani ku intavyu ya pamasom'pamaso ku ofesi yathu (adiresi yonse, nyumba yake ndi chipinda). Nthawi zimene zilipo ndi izi: Lachiwiri pa 14 Okutobala, 9:30 mpaka 10:45 m'mawa, Lachiwiri pa 14 Okutobala, 11:30 m'mawa mpaka 12:45 masana, Lachitatu pa 15 Okutobala, 2:00 mpaka 3:15 masana. Chonde yankhani imelo ino pofika Lachinayi pa 9 Okutobala, 4:00 madzulo, motchula nthawi imene mwaikonda koposa, yachiwiri ndi yachitatu. Ngati zonsezi sizingatheke, tiuzeni. Tidzakutumizirani uthenga wotsimikiza pofika Lachisanu pa 10 Okutobala.

Mudzakambirana ndi anthu atatu kwa mphindi 45: mkulu wa za chuma, akauntanti ndi woimira ofesi yoona za ogwira ntchito. Kenako mudzachita ntchito yoyeserera ya mphindi 30 pa kompyuta yathu, pogwiritsa ntchito Microsoft Excel. Mufike kukadali mphindi khumi, ndipo polandirira alendo mufunse za (dzina lanu).

Mubweretse chiphaso chokhala ndi chithunzi chanu, masatifiketi enieni a maphunziro amene munawatchula pofunsira, ndi fotokope imodzi ya satifiketi iliyonse. Enieniwo tidzangowaona n'kukubwezerani tsiku lomwelo. Palibe ndalama imene mukuyenera kulipira.

Ngati pali thandizo lapadera limene mungafune kuti muchite nawo intavyuyi, tidziwitseni poyankha. Mukachedwa kapena kusochera pa tsikulo, imbani (nambala ya foni)."

Onani kuti pa uthengawu nthawi ya munthu ndi ola limodzi ndi mphindi 15, osati mphindi 45. Kwa ofunsa mafunso mpata ndi ola limodzi basi, chifukwa ntchito yoyeserera imachitikira m'chipinda china iwo akuona munthu wotsatira. Koma woitanidwayo ayenera kudziwa nthawi yonse imene adzakhale nanu, kuti adziwe ola lobwerera kuntchito kapena lokatenga mwana. Izi zikufunanso kuti mupeze munthu woyang'anira ntchito yoyesererayo, ndipo kwa wa 11:30 woyang'anirayo akhalepo mpaka 12:45 ngakhale ofunsa atamwazikana. Kubisa kuti kudzakhala mayeso, poganiza kuti muone mmene munthu amachitira akadzidzimutsidwa, ife sitikuona phindu lake. Zimene mudzayeze pamenepo ndi mantha ake, osati luso lake lowerengera.

Intavyu ikakhala ya pa vidiyo, gawo la kachitidwe limasintha. Tchulani pulogalamu yake, kaya ndi Zoom, Microsoft Teams kapena Google Meet, nenani ngati kamera iyenera kukhala yoyaka, ndipo fotokozani chochita intaneti ikaduka: mwachitsanzo, kuti mudzamuimbira foni pakatha mphindi zisanu. Linki musaiyike mu uthenga woyamba, iyikeni mu wotsimikiza, ndipo munthu aliyense akhale ndi yakeyake. Mukagwiritsa ntchito linki imodzi kwa onse popanda chipinda chodikirira, wofulumira angalowe mnzake ali mkati moyankha, kapena kumva ofunsa akukambirana malikisi. Ngati wina ali kudziko lina, lembani kuti maolawo ndi a kuti, monga 9:30 UTC+2, osangoti 9:30. Ikakhala ya pa foni, chiganizo chimodzi chimene chimaiwalika kawirikawiri ndi chonena kuti adzaimbe ndani, ndipo pa nambala iti. Popanda chimenecho aliyense amakhala phee kudikira mnzake.

Pa zoti abweretse, pemphani zokhazo zimene mudzaziyang'anedi tsikulo. Mndandanda wautali umabisa zofunika pakati pa zosafunika, ndipo munthu amathera masiku akuthamangira mapepala m'malo mokonzekera. Mawu oti "mubweretse mapepala anu onse" ndi oipa kwambiri, chifukwa wina adzabwera ndi sivi yokha, wina ndi chikwama chodzaza. Pa pepala lililonse nenani ngati mukufuna lenileni kapena fotokope, ndipo zingati. Ngati ofunsa akufuna kuti munthu adzafotokoze kanthu pamaso pawo, perekani mutu wake, mphindi zake, ndi tsiku loti atumiziretu fayilo. Zambiri za akaunti ya kubanki sizifunika pa nthawi ino. Zimenezo ndi za munthu amene wapatsidwa kale ntchito. Chiganizo chonena kuti palibe cholipira chikuoneka chaching'ono, koma akuba ambiri amatumiza makalata abodza oitanira anthu ku intavyu n'kumapempha ndalama, choncho chimathandiza kuti wolandira akukhulupirireni. Pa chifukwa chomwechi, tumizani kuchokera pa imelo ya ofesi, osati yanuyanu.

Aliyense mumtumizire imelo yake. Mukayika onse pa To kapena Cc, mwaulula mayina a anthu amene mwina abwana awo sakudziwa kuti akufuna ntchito kwina. Bcc imabisa maadiresi, inde, koma siikulolani kutchula munthu dzina kapena kumpatsa mipata yakeyake. Pokopera uthenga kuchoka kwa mmodzi kupita kwa wina, zinthu ziwiri zoti muwerengenso ndi dzina la pamoni ndi nthawi zitatu zija.

Tsiku lomaliza kuyankha likafika wina ali chete, musafulumire kuganiza kuti sakufuna. Imelo imatha kugwera mu Spam, kapena adiresi inalembedwa molakwika pa sivi. Muimbireni foni, kenako mumtumizire meseji yaifupi. Amene ayankha, atumizireni uthenga wotsimikiza wokhala ndi nthawi imodzi yokha, adiresi kapena linki, ndi mndandanda wa zobweretsa wolembedwanso wonse, kuti m'mawa wa tsikulo asavutike kufufuza imelo yoyamba ija. Ofunsa atatu aja apatseni ndondomeko ya mayina ndi maola, wolandira alendo mumpatsenso yake, ndipo kukatsala tsiku limodzi mutumize chikumbutso kwa onse asanu ndi mmodzi.